Kalata yoperekeza bajeti kwa opereka thandizo

Bungwe likamapempha ndalama za chitukuko, envulopu kapena imelo yopita kwa opereka thandizo imanyamula zinthu zitatu zikuluzikulu. Mumakhala pulopozo, imene imafotokoza vuto limene lilipo ndi ntchito imene bungwe likufuna kugwira. Mumakhala bajeti, yoonetsa ndalama zimene ntchito iliyonse idzadye. Mumakhalanso manotsi a bajeti, ofotokoza mzere uliwonse mmene nambala yake yapezekera. Pamwamba pa zonsezi pamakhala kalata ya tsamba limodzi yoperekeza katunduyu. Kalatayi imalembedwa pomaliza, kawirikawiri tsiku lotsekera lomwelo, anthu atatopa kale ndiponso wosaina akufulumira. Koma ikafika uko, ndi imene imayamba kuwerengedwa.

Woyamba kutsegula si munthu woti akhudzidwe mtima ndi nkhani ya amayi amene akutunga madzi pachithaphwi. Ameneyo amabwera pambuyo. Woyambayo amangoona ngati pempho lafika m'nthawi yake, ngati mapepala onse ofunika alimo, ndiponso ngati ndalama zopemphedwa zili mkati mwa malire amene analengezedwa. Mapempho amakhala ataunjikana patebulo pake, ndipo aliyonse amalipatsa mphindi zochepa. Akapeza kuti kalata ikunena ndalama ina pamene bajeti ikunena ina, alibe njira yodziwira kuti yoona ndi iti. Opereka thandizo ena amalemba kufunsa, ena amangoliika pempholo pambali. Ngakhale amene amafunsawo amakhala atayamba kale kukayika ngati bungweli lingasunge bwino mabuku a ndalama za eni.

N'chifukwa chake ndimaona kuti ntchito ya kalatayi ndi imodzi basi, ndiyo kunena nambala zomwezo zimene zili m'bajeti, ndi kuneneratu zinthu ziwiri kapena zitatu zimene wowerenga ndalama angadabwe nazo. Kalatayi ili ngati nkhoswe pokapereka mwana wa eni: safotokoza mbiri ya mtundu wonse, amangonena kuti tabwera ndi uyu, katundu wake ndi uyu, ndipo pakakhala nkhani mudzapeze ine.

Kuti zimveke, tiyerekeze bungwe laling'ono la m'boma la Ntchisi limene likufuna kukonza mijigo 12 ya mtundu wa Afridev imene inafa, ndi kuphunzitsa makomiti oyang'anira mijigoyo. Mitengo imene ndikuika pano ndi yongoyerekeza, kuti masamu aoneke poyera.

Zipangizo za mjigo umodzi, monga mapaipi, ndodo, silinda ndi simenti yokonzera pobwalo, bungweli laziika pa K1,500,000, kotero mijigo 12 ikudya K18,000,000. Amakaniki adzalandira K250,000 pamjigo, zonse pamodzi K3,000,000. Komiti iliyonse ili ndi anthu 10, ndiye ophunzira alipo 120, adzaphunzira masiku 3, ndipo munthu mmodzi patsiku akudya K15,000 ya chakudya, makope ndi zolembera. Mzere umenewo ukukwana K5,400,000. Pali wogwira ntchito mmodzi wolandira K400,000 pamwezi kwa miyezi 12, amene ndi K4,800,000, kuonjezapo K480,000 ya penshoni, pakuti lamulo la penshoni m'Malawi limafuna kuti wolemba ntchito aziperekera wantchito wake ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro. Mafuta ndi kukonzetsa njinga yamoto ndi K210,000 pamwezi, pachaka K2,520,000. Zonsezi zikaphatikizidwa zikupereka K34,200,000, ndalama zopita ku ntchito yeniyeniyo.

Pamwamba pake pakubwera gawo loyendetsera ofesi, la lendi, magetsi, intaneti ndi zolipira kubanki. Opereka thandizo ambiri amaika malire pa gawoli. Mwachitsanzo, bungwe la EU, la maiko a ku Ulaya, pa thandizo lake lopita kunja nthawi zambiri limalola zosapitirira 7 peresenti ya ndalama za ntchito. Tinene kuti wopereka thandizo wathu nayenso akulola 7 peresenti. Gawoli likhala K2,394,000, ndipo pempho lonse lifika pa K36,594,000. Anthu a m'midzi alonjeza mchenga, miyala, njerwa ndi mphamvu zawo, zimene bungwe laziwerengera K300,000 pamjigo, kapena kuti K3,600,000. Choncho ntchito yonse ndi ya K40,194,000.

Taonani kuti tili ndi nambala zitatu zikuluzikulu, ndipo iliyonse ili ndi dzina lake: mtengo wa ntchito yonse, ndalama zimene tikupempha, ndi zimene ife ndi anthu a m'dera tikuikapo. Makalata ambiri amapunthwa pomwepa. Wolemba amati tikupempha thandizo pa ntchito ya K40,194,000, osanena kuti zimene akufuna kwa wopereka thandizo ndi K36,594,000. Ngati malire a thandizolo ali K40,000,000, wotsegula envulopu uja aona ngati pempho ladumpha malire, chonsecho lili mkati. Nambala zonse zitatu ziyenera kulembedwa m'ndime yoyamba, iliyonse ndi dzina lake.

Makalata otere kwa opereka thandizo akunja amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake sizisintha ndi chilankhulo. Pamwamba pamakhala dzina la bungwe, keyala yake ndi tsiku. Kenako udindo wa munthu amene chilengezo chanena kuti alandire mapempho. Mutu wa kalata uyenera kukhala ndi nambala ya chilengezocho ndi dzina la ntchito monga momwe lalembedwera pa pulopozo, osasintha ngakhale liwu limodzi, chifukwa ofesi yolandira mapempho ambiri imasanja mafailo potsata nambala ndi dzina. Ndime yoyamba ya bungwe lathu la ku Ntchisi ingamveke motere:

“Potsatira chilengezo chanu, tikutumiza pulopozo, bajeti ndi manotsi a bajeti a ntchito yokonza mijigo 12 ndi kuphunzitsa makomiti ake m'boma la Ntchisi. Ntchitoyi itenga miyezi 12, kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Malichi chaka chotsatira. Mtengo wa ntchito yonse ndi K40,194,000. Mwa ndalamazi tikupempha K36,594,000 kwa inu, ndipo zotsala, zokwana K3,600,000, ndi zipangizo ndi ntchito zimene anthu a m'midzi yopindula apereke.”

Ziganizo zinayi zokha, koma wowerenga wadziwa amene akupempha, ntchito yake, malo, nthawi ndi ndalama. Mbiri ya bungwe, chaka chimene linayamba ndi mavuto a madzi m'dziko muno zili kale mu pulopozo, ndipo kuzibwereza m'kalata kumangokwirira nambala zimene munthu akufuna kuona.

Tsopano tione mmene nambala zimasiyanirana popanda wina kufuna kunama. Tinene kuti kalata inalembedwa Lachitatu, bajeti ili pa K36,080,400. Lachinayi wowerengera ndalama wa bungwe wakumbukira kuti penshoni ya wogwira ntchito uja sinaikidwe, ndipo waonjezera K480,000. Wina angaganize kuti ndi nkhani yongoonjeza K480,000 pa nambala ya m'kalata. Ayi ndithu. Gawo la ofesi limawerengedwa kuchokera pa ndalama za ntchito, choncho nalonso lakwera ndi K33,600, ndipo pempho lonse lakwera ndi K513,600. Kusintha mzere umodzi kwasuntha nambala zinayi: mzere wa malipiro, chiwonkhetso cha ntchito, gawo la ofesi ndi pempho lonse, osaiwalanso mtengo wa ntchito yonse. Nambala zimenezi zimapezeka m'malo angapo, m'kalata, patsamba loyamba la pulopozo, m'chidule chake, m'bajeti, m'manotsi, ndiponso nthawi zina pa fomu ya pa intaneti. Wokonza bajeti akasintha kwake kokha, malo enawo amatsala ndi nambala yakale.

Palinso msampha wina umene umabisala mu Excel momwemo. Chiwonkhetso cha mizere chimawerengedwa ndi fomyula yonga iyi:

```
=SUM(F5:F9)
```

Munthu akalowetsa mzere watsopano kumapeto, pansi pa mzere 9, zimachitika kuti fomyulayi imatsala ikuwerengabe kuyambira pa 5 mpaka pa 9. Penshoni ija imaoneka bwinobwino patsamba koma siinalowe m'chiwonkhetso. Chimodzimodzi pamene wina analemba nambala ndi dzanja pamalo pamene panayenera kukhala fomyula: mizere ya pamwamba isinthe chotani, nambala imeneyo singasunthe. Njira yogwirira zolakwika zoterezi ndi yachikale. Sindikizani bajeti papepala, munthu wina amene sanaikonze atenge kakyuleta, aphatikize mzere ndi mzere, ndipo aone ngati akufika pa nambala imene ili m'kalata. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kalata isalembedwe bajeti isanatsekedwe, ndipo ikatsekedwa pasapezekenso wolowamo mwakachetechete.

Ndime yachiwiri ya kalata ndi imene imasonyeza ngati bungwe likudziwa zimene likuchita. Apa ndi ponenera zinthu zimene nambala zaimirapo, ndipo m'Malawi choyamba ndi mtengo wosinthira kwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inasuntha mtengo wa dola imodzi kuchoka pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, kukwera kwa 44 peresenti tsiku limodzi. Zipangizo zambiri za mijigo zimachokera kunja. Bungwe limene likanalemba K18,000,000 ya zipangizo mu Okutobala chaka chimenecho, n'kulandira thandizo lake m'makwacha, likanafunika pafupifupi K26,000,000 kuti ligule katundu yemweyo ngati mitengo ikanatsata dola. Ndalama zimene zinali za mijigo 12 zikanangokwana mijigo 8.

Pakati pa tsiku lotumiza pempho ndi tsiku limene ndalama zimalowa kubanki pamadutsa miyezi ingapo. Choncho kalata inene poyera kuti bajeti yalembedwa m'ndalama yanji, mtengo wosinthira ndi uti, watengedwa kuti, ndiponso tsiku liti. Ngati wopereka thandizo akufuna madola, ndipo tagwiritsa ntchito K1,750 pa dola, pempho lathu la K36,594,000 ndi madola 20,911. Opereka thandizo ena amanena okha kumene mtengowo utengedwe. A EU ali ndi ndandanda yawo ya mwezi ndi mwezi yotchedwa InforEuro. Ngati chilengezo sichinanene, tengani mtengo wa kubanki umene munthu wina angathe kuutsimikiza. Mtengo wa mavenda a pamsewu, ngakhale ndi umene ukuyendetsa mitengo m'masitolo, sungalembedwe m'bajeti. Chimene mungachite ndi kuonetsa mitengo yeniyeni ya lero kudzera m'makoteshoni, n'kunena m'kalata tsiku limene makoteshoniwo anatengedwa. Ndime yachiwiri ya bungwe lathu ingakhale yotere:

“Bajeti yalembedwa m'makwacha, ndipo pomasulira m'madola tagwiritsa ntchito K1,750 pa dola imodzi, mtengo wa kubanki wa tsiku limene talemba m'manotsi. Mzere waukulu ndi wa zipangizo za mijigo, K18,000,000, pafupifupi theka la pempho lonse. Mtengowu wachokera m'makoteshoni atatu amene taikamo, ndipo msonkho uli kale momwemo. Popeza zipangizozi zimachokera kunja, tikukonza zogula zonse m'miyezi iwiri yoyambirira. Ndalama zoyendetsera ofesi ndi K2,394,000, zimene ndi 7 peresenti ya ndalama za ntchito, monga mwa malamulo anu.”

Chiganizo chonena za kugula msanga chija n'chofunika kwambiri kuposa mmene chikuonekera. Chikuuza wowerenga kuti bungwe laona ngozi ya kukwera kwa mitengo ndipo lili ndi yankho, komanso chikumukonzekeretsa kuti chigawo choyamba cha ndalama chidzafunika kukhala chachikulu. Opereka thandizo ambiri amapereka ndalama m'zigawo, ndipo chigawo chachiwiri chimadikira lipoti la choyamba. Ngati theka la ndalama likufunika pachiyambi pomwe, ndi bwino adziwiretu mgwirizano usanasainidwe.

Nkhani ya msonkho nayonso isasiyidwe. Opereka thandizo ena salipira msonkho wa VAT, ena amalipira. Wogulitsa wina amapereka koteshoni msonkho uli momwemo, wina amaupatula. Mawu ochepa onena kuti mitengo ili ndi msonkho kapena ilibe amapulumutsa makalata ambiri ofunsana.

Pali chizolowezi china chimene ndimadana nacho, chobisa zinthu zovuta n'chiyembekezo chakuti wowerenga saziona. Mu chitsanzo chathu, chopereka cha anthu a m'midzi ndi pafupifupi 9 peresenti ya mtengo wa ntchito yonse. Ngati chilengezo chikufuna 10 peresenti, kalata singakonze zimenezo, ndipo kulemba kuti “pafupifupi 10 peresenti” ndi kudzitchera msampha, chifukwa wa zachuma uja ali ndi kakyuleta yakenso. Chofunika ndi kubwerera ku bajeti, kupeza chimene bungwe lingaikepo moona mtima, monga kulipira lokha gawo lina la mafuta a njinga, n'kuwerengeranso zonse. Chimodzimodzi ngati wogwira ntchito uja amalandira kale gawo la malipiro ake kuchokera kwa wopereka thandizo wina, kapena ngati pempho lomweli latumizidwanso kwina. Nenani m'kalata. Opereka thandizo amadziwana ndipo amafunsana, ndipo kulipiritsa awiri pa chinthu chimodzi ndi mlandu umene umatsekera bungwe makomo kwa zaka.

Komabe kalata si malo ofotokozera mzere uliwonse. Kuti K15,000 ya wophunzira mmodzi yagawika bwanji pakati pa chakudya ndi makope, kuti njinga idzayenda makilomita angati pamwezi, zonsezo ndi za m'manotsi a bajeti. M'kalata mumangolowa zimene zikukhudza bajeti yonse kapena mzere umene ukudya ndalama zambiri. Kalata ikayamba kusefukira patsamba lachiwiri, dziwani kuti yatenga ntchito ya manotsi. Ndipo chilichonse chimene kalata yanena chiyenera kupezekanso m'manotsi, pakuti kalata ikhoza kupatulidwa n'kuikidwa m'failo ina, amene adzapereke malikisi pa bajeti osaiona n'komwe.

Ndime yachitatu imatchula zimene zatumizidwa, chimodzichimodzi, m'ndondomeko imene chilengezo chapempha. Kupatula pulopozo, bajeti ndi manotsi, opereka thandizo amakonda kufuna satifiketi ya kalembera wa bungwe, imene kwa mabungwe amene si aboma imachokera ku NGORA, lipoti la owunika mabuku a ndalama, makoteshoni, ndi kalata ya khonsolo ya boma yosonyeza kuti akuluakulu a kumeneko akuidziwa ntchitoyo. Musatchule pepala limene simunaikemo. Ngati lipoti la chaka chathachi silinatuluke, nenani kuti mwaika la chaka chinacho ndi mwezi umene latsopano lituluke. Potumiza pa imelo, maina a mafailo akhale omwewo amene ali m'kalata. Bajeti itumizidwe mu Excel ngati atero, chifukwa amafuna kuona mafomyula, ndipo kalata yosainidwa itumizidwe ngati PDF. Musanatumize, tsegulani failo iliyonse imene mwaika pa imeloyo n'kuona chiwonkhetso chake. Pakompyuta ya bungwe pamakhala mabajeti atatu kapena anayi a maina ofanana, ndipo n'kosavuta kutumiza ya Lachitatu m'malo mwa ya Lachinayi.

Wosaina akhale munthu amene malamulo a bungwe amamupatsa mphamvu yolowetsa bungwe m'mgwirizano, kaya ndi mkulu wa bungwe kaya wapampando wa bodi, ndipo chidindo chidindidwe. Siginecha imeneyo ikutanthauza kuti nambalazi ndaziona ndipo ndidzayankhapo. Mkulu wosaina kalata asanatsegule bajeti amadzapezeka pamsonkhano ndi opereka thandizo akufunsidwa za mzere umene sakuudziwa. Pambali pa wosainayo, kalata itchule munthu mmodzi woyankha mafunso a ndalama, udindo wake, foni ndi imelo imene imatsegulidwa tsiku ndi tsiku. Opereka thandizo akafunsa funso amapereka masiku owerengeka, ndipo imelo yolowa m'bokosi limene aliyense anaiwala mawu ake achinsinsi ndi pempho lotayika. Nambala ya akaunti ya kubanki isalembedwe m'kalatayi pokhapokha ataipempha, chifukwa nthawi yake imakwana pa kusainirana mgwirizano ndipo imakhala ndi fomu yakeyake.

Mawu a kalata akhale aulemu koma olunjika. Kuno kwathu tinaleredwa kuti popempha munthu uzidzichepetsa, ndipo n'zabwino, koma ndime yonse yodandaula za umphawi ndi kuchonderera chifundo siithandiza pano. Amene akuwerengayo nayenso adzafunsidwa ndi mabwana ake chifukwa chimene anavomerezera pempholi, ndipo chimene angaonetse ndi nambala zogwirizana. Chiganizo chimodzi chothokoza chifukwa cha mwayi wopempha n'chokwanira.

Nthawi zambiri nkhani sithera pa kalata yoyamba. Wopereka thandizo akhoza kuyankha kuti ntchito aikonda koma angapereke K30,000,000 yokha. Apa bungwe lisangochotsa K6,594,000 pa chiwonkhetso n'kusiya malonjezo onse momwe analili, chifukwa lidzasaina kuti likonza mijigo 12 ndi ndalama zosakwanira. Mjigo umodzi pamodzi ndi makaniki wake ndi maphunziro a komiti yake ukudya K2,200,000, ndipo tikaonjeza 7 peresenti ya ofesi ndi K2,354,000. Kuchotsa mijigo 3 kukutsitsa pempho ndi K7,062,000 n'kulifikitsa pa K29,532,000, mkati mwa malire atsopanowo. Chopereka cha anthu a m'midzi chitsika kufika pa K2,700,000, ophunzira akhala 90, ndipo dzina la ntchito mu pulopozo liyenera kunena mijigo 9. Bajeti yokonzedwansoyo imapita ndi kalata yakeyake yatsopano, yokhala ndi tsiku latsopano, yonena kuti ikulowa m'malo mwa ya tsiku lakuti, ndi kutchula mizere imene yasintha, nambala yakale ndi yatsopano moyandikana. Malipiro a wogwira ntchito ndi mafuta a njinga sanasinthe, choncho gawo lawo pa bajeti yonse lakula, ndipo kalata ifotokoze m'chiganizo chimodzi kuti munthu mmodziyo ndi miyezi 12 yomweyo zikufunikabe kuti makomiti 9 otsalawo aziyenderedwa mpaka ntchito ithe.